Makina a M'galasi la Kabati

Anthu a mumsewu wa kuseri kwa msika ankawatchula kuti Amithunzi, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Situdiyo yawo inali kachipinda kamodzi kopanikizika pakati pa shopu ya zitsulo ndi malo ometera. Mkati munali nsalu yabuluu yopachika pakhoma, mpando umodzi wa ojambulitsa, nyali ziwiri za miyendo italiitali, ndi kompyuta imene ankaifunditsa thaulo madzulo ngati mwana wodwala chifuwa.

Dzinalo linabwera chifukwa cha khalidwe lawo. Munthu ukawaonetsa chithunzi chilichonse, kaya cha ukwati kaya cha m'nyuzipepala, iwo sankayamba ndi nkhope. Maso awo ankathamangira kumapazi. Ankati nkhope imanama, zovala zimanama, koma pamene phazi lakhudza pansi sipanama.

Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nthawi imene zithunzi zinkatsukidwa m'chipinda chamdima. Kumeneko anaphunzira kutchinga kuwala ndi chikhatho kuti mbali ina ya pepala iyere, ndi kudetsa mbali ina ndi kaburashi ka ubweya wowerengeka. Kompyuta inawapeza imvi zitayamba kale. Anavutika nayo chaka chathunthu, koma ataizolowera anapeza kuti ndi ntchito yomwe ija, kungoti manja sanunkhanso mankhwala. Masitudiyo atsopano ankaimika munthu pambali pa ndege m'kanthawi kochepa, munthuyo n'kumaoneka ngati akuyandama, wopanda mthunzi ngati mzukwa. Amithunzi ankatha tsiku lonse pa chithunzi chimodzi, ndipo n'chifukwa chake sanalemere. Mkazi wawo anamwalira asanawasiyire mwana, ndipo iwo sanakwatirenso.

M'bale wawo padziko anali mmodzi, mkulu wawo, telala. Makolo atamwalira, atelalawo ndiwo anawalera, ndipo chilichonse chimene Amithunzi anadya kapena kuvala ali mwana chinachokera m'makina osokera, makina akuda opondera ndi phazi, a miyendo yachitsulo. Lamulungu lililonse Amithunzi ankakadya kwa achimwene awo. Akatha kudya ankatenga nyuzipepala n'kuyamba kusaka zithunzi zabodza, ndipo atelala ankawaseka kuti pabanja pawo panabadwa wabodza mmodzi yekha, koma wonama mwaulemu. Komabe ankamvetsera. M'kupita kwa zaka anadziwa malo atatu amene mng'ono wawo ankayang'ana: pansi pa mapazi, mbali imene mthunzi wagwera, ndi chinthu chilichonse chonyezimira. Anafika pomagwira okha zithunzi zabodza n'kumazisunga kuti akamuonetse mwini ntchito.

Chaka chimenecho atelala anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mtima. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera ngakhale pongotembenuka pabedi. Adokotala anauza mkazi wawo kuti mankhwala achita mbali yake, chotsala n'kuwasunga mtima uli m'malo. Tsiku lililonse akazi awo akabwera ndi chakudya, funso loyamba linali limodzi, ngati makina awathira mafuta. Makinawo anali atalonjeza kuti adzasiyira mwana wawo wamwamuna, mzime, bambo wa zaka makumi atatu amene ntchito iliyonse inkamutentha m'manja. Atelala ankakhulupirira kuti tsiku lina adzakhazikika, adzakhala pampando uja n'kuyamba kuponda.

Mzimeyo sanadikire. Lachitatu lina, mayi ake ali kuchipatala, anabwera ndi anthu awiri ndi ngolo, makina n'kutuluka pakhomo. Iye mwini sanaonekenso ndipo foni yake inali yozima. Pamalo pamene makina anakhala zaka makumi atatu panangotsala zipsera zinayi pa simenti.

Banja linagwirizana zobisa. Koma mayi wina woyandikana nawo nyumba, atapita kukazonda matenda, anafunsa mosadziwa ngati makina aja anapita kokakonzetsa. Kuyambira tsiku limenelo atelala anasiya kudya. Akazi awo analumbira kuti mayiyo anaona ngolo ya makala, mwana wawo wamkazi analumbiranso, koma wodwalayo anangoti akufuna chithunzi. Ndipo chisakhale chakale. Mwana wamkaziyo anali atangobereka kumene, khanda la masabata atatu limene agogo ake anali asanalione. Atelala anati akazi awo akhale pambali pa makina atanyamula khandalo, ajambulidwe, chithunzicho chibwere.

Alamu awo a Amithunzi, akazi a atelala aja, anafika ku situdiyo m'mawa, asanasese n'komwe pakhomo. Anakhala pampando wa ojambulitsa, chikwama pamiyendo, n'kufotokoza zonse osalira.

"Alamu, ine ndilibe kwina kopita. Akadziwa kuti mwana wawo wachita zimenezi, sabata satha. Inu mumaika anthu pa ndege, mungalephere makina?"

"Achimwene si munthu wamba pa zithunzi," anatero Amithunzi. "Ndinawaphunzitsa ndekha pogwirira wabodza."

"Ndiye mukudziwa pamene akayang'ane. Tsekani pamenepo."

Amithunzi anavomera. Chibale n'chipsera, ndipo munthu amene anakusokera kabudula woyamba wa kusukulu sungamusiye afe akutukwana mwana wake.

Chithunzi cha makinawo anali nacho chimodzi chokha. Anachijambula kalekale, pamene achimwene awo ankafuna chikwangwani, ndipo tsikulo makina anawatulutsa pakhonde. Chinali chabwino. Zonse zimene mwini wake akanazifuna zinalipo: zilembo zagolide zofufutika pamene dzanja limakhudza, kansanza kobiriwira kokulunga pa mkono wa makina kobayapo mapini, ndi kamtengo ka ulusi kamene kanalowa m'malo mwa chogwirira cha dilowa. Vuto linali kuwala. Pakhonde paja kuwala kunkachokera kumanzere. M'chipinda cha atelala zenera lili kumanja.

Mwana wamkazi wa atelala, amene anali wozolowera za pafoni, anati si nkhani, angotembenuza chithunzicho, kumanzere kukhale kumanja. Amithunzi anamufunsa ngati anaonapo makina a gudumu kumanzere ndi zilembo zowerengera chafutambuyo. Bambo ake akanazindikira asanavale n'komwe magalasi. Ngati makina sangatembenuke, ndiye chitembenuke ndi chipinda.

Anapita kunyumbako mawa lake dzuwa litakwera pang'ono. Chipindacho ankachidziwa ngati chikhatho chawo, koma tsikulo anachiyang'ana ngati mlendo. Simenti inali yofiira, yopakidwa polishi kwa zaka zambiri mpaka munthu kumadziona. Kukhoma kunali kabati yamagalasi, yosungiramo makapu ndi mbale za alendo, ndipo makina ankakhala kutsogolo kwake, wosokayo atayang'ana kabatiyo, kuti kuwala kwa pazenera kuzimugwera cham'mbali. Amithunzi ataona kabatiyo anadziwa kuti galasi lake liwavutitsa. Anapempha kuti aisunthe. Alamu awo anakana, kuti kabatiyo sinasunthepo chilowereni m'nyumbamo, ndipo ikasowa pachithunzi amuna awo ayamba kufunsa za iyonso. Anapempha kuti aiphimbe ndi nsalu, koma alamuwo anati m'nyumba yophimba magalasi muli maliro kodi. Kabati inakhala.

Anatseka katani wa pazenera, n'kutsegula chitseko chimene chinali kumanzere. Panja anayanika nsalu yoyera ya pabedi kuti izibweza dzuwa kulowetsa m'nyumba, kuwala kofewa ngati kwa pakhonde paja. Kamera anaiika pa miyendo yake itatu, n'kuikweza kufika pachifuwa ndi kuipendeketsa pang'ono, kufikira chipinda chitaoneka monga mmene makina anaonekera pa chithunzi chakale. Pa zipsera zinayi zija anaikapo tebulo la kukhitchini, pamwamba pake katoni, zonse msinkhu wa makina. Alamu awo anakhala kumanja atanyamula khanda. Amithunzi anajambula tebulo lilipo, kuti aone kumene mthunzi ukugwera, mmene ukukwerera pa siketi ya alamu awo, ndi pamene chifanizo cha katoni chikuonekera m'galasi la kabati. Kenako anachotsa tebulo n'kujambulanso, kamera osaikhudza.

Khanda linagona nthawi yonseyo. Alamuwo anauzidwa kuti amwetulire, ndipo anayesa.

Galasi ndilo linawasowetsa mtendere. Chinthu chikaima kutsogolo kwa galasi, galasilo limaona kumbuyo kwake, osati kumene wojambula akuona. Anyamata a masitudiyo ena akanangotenga chithunzi chomwecho cha kutsogolo, n'kuchizimiritsa pang'ono, n'kuchimata m'galasi. Amithunzi ankadziwa kuti pamenepo m'pamene achimwene awo akawagwirire. Koma kumbuyo kwa makinawo analibe chithunzi chake, ndipo atayesa kukumbukira anapeza kuti sanakuyang'anepo. Aliyense wolowa m'chipindamo ankaona msana wa atelala ndi kutsogolo kwa makina. Anafunsa alamu awo kuti kumbuyoko kunali kotani. Iwo anati makina ndi makina, kumbuyo n'kwakuda, iwo ankangopititsa nsanza ya fumbi.

Pakhonde la sitolo ina panali telala wina, mdala wogontha khutu limodzi, amene anali ndi makina a mtundu womwewo. Amithunzi anamupempha kuti awabwereke m'mawa umodzi, akawaimike m'chipinda muja, popeza makina enieni akanabweretsa okha mthunzi wake ndi chifanizo chake. Mdalayo anaseka n'kunena kuti pali zinthu ziwiri zimene mwamuna sabwereketsa, ndipo chinacho n'chosavuta kuchipezanso kusiyana ndi makina. Koma analola kuti awajambule pomwepo. Anawatembenuza kuti kuwala kuchokere mbali ya singano, monga kukanachitira m'chipinda chija, ndipo Amithunzi anajambula kumbuyo kwake kasanu ndi kawiri. Makina a mdalayo anali osamalidwa. Kumbuyo kwa mkono wake kunali kachitsulo kozungulira, kotsekera pothirira mafuta, konyezimira ngati ndalama yatsopano.

Masiku atatu situdiyo inali yotseka. Ofuna zithunzi za ziphaso ankagogoda n'kubwerera. Amithunzi anadula makina pa chithunzi chakale, chitsulo chilichonse cha miyendo yake yokhotakhota, ndi mpata uliwonse wa chopondera. Atawaika m'chipinda, makinawo anayandama ngati a m'maloto. Ndiye anayamba kuwakhazika pansi.

Anayamba ndi kamdima kakang'ono, kothina, pamene phazi lililonse lachitsulo lakhudza simenti. Kenako mthunzi waukulu, wopita kumanja monga unachitira wa tebulo, wakuda pafupi ndi miyendo, n'kumafewa ndi kuzimirira ukamatalikira. Sanaupange wakuda bii, chifukwa mthunzi pa simenti yofiira umakhala wofiirira, ndipo mtundu wake anautenga pa mthunzi weniweni wa mpando wa alamu awo. Anaukweza pa siketi, n'kuupinda pamene siketi yapindika pabondo. Kenako simenti yonyezimira ija. Apa sakanangozondotsa makina onse nthawi imodzi, popeza miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo siima pa mzere umodzi. Mwendo uliwonse anauzondotsa paokha, kuyambira pamene wakhudza pansi, chifanizo chooneka bwino pafupi ndi phazi, n'kumabalalika chikamatsika. Kunsi kwa miyendoyo anapakako kufiira pang'ono, kumene simenti ikanabwezera pa chitsulo.

Utoto wakuda wa makina unali utasunga tsiku lija la pakhonde. Atakulitsa chithunzicho anaona thambo ndi nthambi za mtengo zitapindika pa mkono wa makina. Anazifufuta, n'kuikapo kamzere kowala ka chitseko chotsegula. Pagudumu anaonapo kadontho koyera, ndipo atakayang'anitsitsa anazindikira kuti ndi malaya a achimwene awo, ataima chapatali, manja m'chiuno, akuyang'anira makina awo. Anakhala kanthawi dzanja lili pa mausi ya kompyuta. Kenako anawafufuta.

Galasi la kabati linawadyera tsiku lonse lachitatu. Anatenga kumbuyo kwa makina a mdala uja, n'kukutembenuza kuti gudumu likhale mbali yomwe kuli gudumu la makina enieni, monga galasi limachitira. Anachepetsa msinkhu wake, chifukwa chinthu cha m'galasi chimaoneka chili patali, n'kuchikweza pamene katoni ija inaonekera. Anachizimiritsa mpaka makapu a m'kabati kumaonekera mkati mwake. Mbali zakuda zinangomira, monga zimachitira pa galasi loonekera mkati, n'kutsala zowala zokha: m'mphepete mwa tebulo, mkombero wa gudumu, ndi kachitsulo kozungulira kaja. Anaganiza zokazimitsa kachitsuloko, koma anadziuza kuti galasi lenileni silikanakabisa. Anakasiya kakunyezimira, ndipo kunena zoona, kanawasangalatsa. Pomaliza anamwaza timadontho tosaoneka bwino pa chithunzi chonse, kuti chakale ndi chatsopano zikhale ndi khungu limodzi.

Atachisindikiza, alamu awo anachigwira ndi manja awiri n'kukhala pansi. Anati akumva fungo la mafuta a makina. Mwana wawo wamkazi anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana zipsera za pa simenti, n'kunena kuti bambo aang'ono ndi mfiti.

Anapita nacho kuchipatala nthawi ya masana yoonera odwala. Wodi inali ya mabedi khumi ndi awiri, ndipo atelala anali pa lachiwiri kuchokera pazenera, atatsamira mapilo atatu. Nkhope inali itachepa, makutu okha ndi amene anakula. Ataona mng'ono wawo anati wabodza wa kwathu wafika, n'kupempha magalasi.

Anayamba ndi khanda. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mphuno ndi ya kwawo, mwana wosauka. Azimayi anaseka kuposa mmene nthabwalayo inayenera. Kenako chala chawo chotupa chinatsika pachithunzi, ndipo Amithunzi, ataima kumapazi a bedi, anachitsatira ndi maso. Chinapita pansi pa miyendo ya makina, umodziumodzi. Chinatsata mthunzi mpaka pa siketi. Pamenepo atelala anafunsa kuti katani watsekedweranji masana, ndipo akazi awo anayankha monga anapanganirana, kuti dzuwa limalasa mwana m'maso. Atelala anagwedeza mutu movomera. Chala chinakwera pa kansanza kobiriwira, pa kamtengo ka ulusi, pa zilembo zofufutika. Kenako chinafika pa kabati ndipo chinaima.

Chinaima nthawi imene munthu angalowetse ulusi pa singano kawiri. Kenako atelala anavula magalasi n'kumwetulira.

"Ali bwino makina anga," anatero. "Mwawasamala, mayi. Mundikhululukire, matenda amaganizitsa munthu zopusa."

Akazi awo anatembenukira kukhoma n'kupukuta m'maso. Atelala anati akufuna tiyi, koma wa m'fulasiki wazizira, apite onse awiri ndi mwana wawo akapemphe madzi otentha kwa anamwino. Azimayiwo anatuluka mopepuka, ngati atula mtolo wa nkhuni.

"Sendera kuno, iwe."

Amithunzi anasendera.

"Pansi wakhoza. Mthunzi wakhoza, mpaka pa siketi. Ndinafuna ndikugwire pamenepo koma ndalephera." Anapuma, mpweya ukulira m'chifuwa. "Koma makina ali m'galasiwo ndi a munthu wina."

"Achimwene, ndi anu omwe."

"Usandiyese mwana. Kachitsulo ka kumbuyo kanga kanatayika chaka chimene unakwatira. Ndinatsekapo ndi chivindikiro cha polishi wa nsapato, chofiira. Zaka makumi atatu ndakhala pampando paja, ndikakweza maso ndimachiona m'galasi. Palibenso wina amene ankachiona, ngakhale mlamu wakoyu. Ndiye lero ndione ndalama yasiliva?"

Amithunzi anafuna kunena kuti mwina alamu anagula china. M'malo mwake anangoyang'ana kachitsulo kaja pachithunzi. Kanali kakang'ono kuposa njere ya mpunga.

"Ukanasiya galasi lopanda kanthu ndikanakugwiranso," anatero atelala, ngati akumupepesa. "Unalibe kothawira. Unandiphunzitsa wekha." Kenako anafunsa osamuyang'ana: "Ndi mnyamata wanga uja?"

Amithunzi anagwedeza mutu movomera.

"Anabwera yekha kapena ndi anthu?"

"Ndi anthu awiri. Ndi ngolo."

"Anachotsa lamba wa gudumu asananyamule?"

"Sindikudziwa, achimwene."

"Sanachotse. Sadziwa n'komwe kuti amachoka." Anapereka chithunzicho, kenako anachilandanso n'kuchiika pansi pa pilo. "Khandali ndi lenileni, eti? Kapena nalonso wabwereka?"

"Ndi lenileni."

"Chabwino. Mlamu wako asadziwe kuti ndaona. Wavutika mokwanira. Iwe ndi ine tithandizane kunama, kamodzi kokha."

Azimayi atabwera ndi tiyi, atelala anamwa theka la kapu, akazi awo akuwagwirira, ndipo anadya kachidutswa ka buledi kuti aonedwe akudya. Potuluka m'wodi alamu anagwira dzanja la Amithunzi n'kulifinya. Iwo anayenda kutsogolo kuti nkhope yawo isaoneke.

Atelala anakhalanso masiku asanu ndi anayi. Za mafuta a makina sanafunsenso, ndipo akazi awo anati n'chifukwa chakuti mtima wakhala pansi. Akazi awo akakhalapo ankadya supuni ziwiri kapena zitatu. Akachoka, mbale ankapatsa wodwala wa bedi loyandikana nalo. Amithunzi ankabwera masana alionse n'kukhala pampando wachitsulo, ndipo abale awiriwo ankakamba za mvula, za mitengo ya nsalu, za anthu amene anamwalira kale. Tsiku lachisanu ndi chiwiri mwana wamkazi anabwera akuthamanga kudzanena kuti foni ya mlongo wake yayamba kulowa, ndipo anafunsa ngati amuitane. Kale atelala akanadzuka pabedi ndi nkhani imeneyo. Tsikulo anangoti asamuvutitse, mwina watanganidwa, n'kutembenukira kuzenera. Amithunzi okha ndi amene anamva chimene mawuwo ankatanthauza.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, namwino akusintha nsalu za pabedi lina. Mzime anafika pa tsiku loika maliro, atavala jekete lobwereka, ndipo analira kwambiri kuposa onse. Mayi ake anamukumbatira n'kumuuza kuti bambo ake apita osadziwa kanthu, apita akumukonda, ayamike bambo ake aang'ono. Mnyamatayo anabwera kudzagwada pamaso pa Amithunzi. Iwo anamupatsa dzanja, chifukwa anthu ankayang'ana.

Chithunzi chija anachipeza pansi pa pilo, chitapindika pakona. Alamu anachiika m'felemu n'kuchipachika pamwamba pa kabati yomweyo, ndipo mlendo aliyense amamufotokozera kuti ichi n'chimene chinagoneka amuna awo mu mtendere. Mbiri inafalikira mumsewu wa kuseri kwa msika. Anthu anayamba kubwera ku situdiyo ndi zithunzi za akufa awo, za nyumba zimene zinagwa, za galimoto zimene zinagulitsidwa, kuti Amithunzi awabwezere. Iwo amagwira ntchitoyo monga kale, tsiku lonse pa chithunzi chimodzi. Kungoti tsopano, pachithunzi pakakhala galasi, amafunsa mafunso ambiri mpaka ena amatopa nawo: kumbuyo kwake kunali kotani, ndani ankakuona, alipo wina amene angakumbukire. Wobweretsa ntchito akati sakudziwa, iwo amamubwezera chithunzi chake.

Lamulungu amapitabe kukadya kwa alamu awo. Amakhala mofulatira kabati. Zipsera zinayi zija zikadalipo, ngakhale alamu amazipaka polishi Loweruka lililonse.

Masana ena, mvula ikugwa ndipo kulibe wojambulitsa, anatsegula chithunzicho pa kompyuta. Anapita ku shopu ya zitsulo n'kubwereka chitini cha polishi wa nsapato, n'kujambula chivindikiro chake kuwala kukuchokera kumanzere. Anachichepetsa, anachizimiritsa kuti kapu ya m'kabati ionekere mkati mwake, n'kuchiika pamene panali kachitsulo kasiliva. Ntchito yonse sinathe mphindi khumi. Anakhala akuyang'ana kadontho kofiirako mpaka mvula inakata. Sanachisindikize, popeza woyenera kuchiona analipo mmodzi yekha, ndipo anali atapita kale. Anafunditsa kompyuta thaulo lake, n'kukabweza chitini cha eni ake.